Mafunso ndi Mayankho: Kunenerera Pamsika ndi Kudziwa Ngati Mtengo Uli Woyenera

Ambiri timaganiza kuti wodziwa kugula ndi amene amatsitsa mtengo kwambiri. Ine ndaona kuti ndalama zambiri sizitayikira pa mtengo umene wogulitsa watchula ayi. Zimatayikira pa muyeso: kukula kwa ndowa, kadzazidwe ka chigoba, kaunjikidwe ka mulu ndi sikelo. N'chifukwa chake mayankho ambiri m'munsimu akukamba za chimanga, tomato ndi usipa, zinthu zimene timagula mwa muyeso. Mitengo imene ndaika m'zitsanzo ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Inu muikepo mitengo ya pamsika wa kwanuko lero.

Kodi chilichonse cha pamsika chimanenereredwa?

Ayi. Katundu wa m'paketi monga shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira a m'botolo amachokera ku holoselo pa mtengo umene aliyense akuudziwa, ndipo phindu la wogulitsa pa chinthu chimodzi limakhala lochepa kwambiri. Pamenepo mungatsitsiridwe pokhapokha mukugula katoni kapena belo yonse. Zinthu za pamulu, monga tomato, anyezi, mbatata ndi usipa, mtengo wake sugwedezeka kawirikawiri, koma chimene chimasintha ndi kukula kwa mulu ndi basera. Kumene kuli malo aakulu onenerera ndi ku kaunjika, nsapato, mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito, mipando ya kwa kalipentala, mbuzi ndi nkhuku zamoyo. Zinthu zimenezi sizifanana china ndi chinzake, choncho palibe mtengo umodzi umene msika wonse wagwirizana.

Ndikufuna chimanga. Wina akuti ndowa K15,000, wina K14,000. Si zodziwikiratu kuti wachiwiriyo ndiye wotchipa?

Apa ndi pamene ambiri timabetsera. Mawu akuti "ndowa" sanena kulemera. Ndowa ya malita 20 ikadzazidwa chimanga chouma n'kusalazidwa pakamwa, imalemera makilogalamu 14 kapena 15. Ikadzazidwa mpaka kutumphuka pamwamba imatha kufika 16 kapena 17. N'chifukwa chake anthu amati ndowa zitatu zimadzaza thumba la makilogalamu 50: amanena ndowa zotumphuka. Zitatu zosalaza sizifika.

Tiyerekeze kuti mwafika pamsika wa Mitundu kapena wa Lunzu ndipo mwapeza ogulitsa atatu. Woyamba akuti K15,000 ndipo ndowa yake, mutaiika pa sikelo, ikulemera makilogalamu 17. Wachiwiri akuti K14,000 koma yake ikulemera 15. Wachitatu akugulitsa pa sikelo, K900 pa kilogalamu.

Gawani mtengo ndi kulemera. Kwa woyamba, K15,000 kugawa ndi 17 ikutipatsa pafupifupi K882 pa kilogalamu. Kwa wachiwiri, K14,000 kugawa ndi 15 ikutipatsa K933. Ndiye kuti amene amamveka wodula uja ndiye wotchipa kuposa onse, ndipo amene amamveka wotchipa ndiye wodula kuposa onse. Mukafuna makilogalamu 50, woyamba mumulipira pafupifupi K44,100, wachitatu K45,000, wachiwiri pafupifupi K46,700.

Tsono taonani chimene chimachitika mukalimbikira kunenerera kwa wachiwiri uja. Mwakambirana mpaka wachotsa K500, wafika pa K13,500. Mukuchoka mtima uli mbee kuti mwapambana. Koma K13,500 kugawa ndi 15 ndi K900 pa kilogalamu, ndipo mwalipirabe zambiri kuposa munthu amene wagula kwa woyamba uja osanenerera n'komwe. Banja limene likugula matumba asanu kapena khumi oti lidye mpaka Febuluwale, kusiyana kotereku ndi ndalama yogayitsira ndi ya ndiwo za masiku angapo.

Funso loyamba kwa wogulitsa chimanga lisakhale lakuti "Muchotsapo zingati?" Likhale lakuti "Mayi, ndowa yake ndi iti, ndipo mumadzaza bwanji?"

Ndingadziwe bwanji kuti ndowa kapena chigoba ndi chosakwana?

Chitengeni m'manja chisanadzazidwe. Wogulitsa wachilungamo sakana zimenezo. Yang'anani kunsi: ngati pansi pake papindikira m'kati ngati msana wa kamba, malo ena adyedwa. Yang'anani pakamwa: chigoba cha malita 5 chimapangidwa podula chigubu cha mafuta, ndipo pamene chadulidwa ndi pamene pali nkhani. Chikadulidwa m'munsi pang'ono, chimangooneka chimodzimodzi koma chimachepa. Ndowa yachitsulo yophwanyika m'mbali nayonso imachepa. Si nthawi zonse pamene pamakhala chinyengo, zina ndi kukalamba chabe kwa chiwiya, komabe wolipira ndinu.

Njira yosavuta ndiyo kukhala ndi chigoba chanu kunyumba chimene mukuchidziwa bwino. Chigoba cha malita 5 chodzaza chimanga motumphuka chimalemera pafupifupi makilogalamu 4, choncho ndowa yabwino imatulutsa zigoba zinayi, ndipo thumba limatulutsa 12 kapena 13. Mukagula kwa munthu koyamba, kayezeninso kunyumba. Mukapeza kuti zakwana, mwapeza kasitomala wanu, musamusiye chifukwa cha K200 ya munthu wina.

Penyaninso manja a woyeza. Wina amathira chimanga mofatsa n'kusiya chokha chitumphuke. Wina amathira kenaka n'kupititsa chikhatho pamwamba ngati akukonza, nsonga yonse n'kubwerera pamulu wake. Gwirizanani za kadzazidwe musanayambe kuwerenga, chifukwa ndowa zikalowa m'thumba palibenso umboni.

Nanga sikelo si ndiye yodalirika?

Ndi yodalirika ikakhala yolondola. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi limene lili ndi udindo woyendera ndi kutsimikizira masikelo ochitira malonda, ndipo sikelo yoyesedwa imakhala ndi chizindikiro chawo. Koma pamsika wa kumudzi simungadikire oyendera. Onani kuti muvi uli pa 0 musanapachike thumba, ndipo imani moyang'anizana ndi sikeloyo, chifukwa mukaonera chammbali muvi umanama.

Mukhoza kuiyesa nokha ndi chinthu chodziwika kulemera. Paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi imathandiza pa sikelo yaing'ono ya nyama kapena mpunga. Pa sikelo yaikulu yopachika, gwiritsani ntchito madzi: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye chigubu cha malita 20 chodzaza chiyenera kuonetsa makilogalamu 20 ndi kakang'ono pamwamba ka chigubucho. Kuyesa ndi paketi imodzi ya shuga pa sikelo yaikulu sikukwanira, chifukwa sikelo ya sipuling'i yotopa imatha kulondola pa katundu wopepuka n'kuphonya pa wolemera.

Kumbukirani kuti sikelo yolakwika imaluma mbali ziwiri. Pamene mukugula, imaonetsa zambiri kuposa zimene zilipo. Pamene mukugulitsa soya kapena mtedza wanu kwa venda, imaonetsa zochepa.

Muyeso wakwana, mtengo ndi wabwino. Pali chinanso choti ndione pa chimangacho?

Chilipo, ndipo ndi chachikulu: madzi. Chimanga chimatsika mtengo kwambiri nthawi yokolola, kuyambira Epulo mpaka Juni, ndipo nthawi yomweyo ndi pamene chambiri chimakhala chisanaume. Choti musunge chiyenera kukhala ndi chinyezi cha pafupifupi 13 peresenti. Mukagula makilogalamu 50 a chimanga cha chinyezi cha 20 peresenti n'kuchiyanika mpaka chifike pa 13, mutsala ndi makilogalamu pafupifupi 46. Makilogalamu anayi aja munagula madzi. Pa K900 pa kilogalamu, imeneyo ndi K3,600 imene yapita ndi dzuwa. Ndipo mukapanda kuchiyanika chichita chuku m'thumba, chimene ndi choopsa ku thanzi kuposa kutaya ndalamako.

Lumani njere imodzi. Youma imasweka ndi phokoso, yaiwisi imafwanyika ndipo mano amalowa. Pisani dzanja pakati pa thumba: chouma chimalola dzanja kulowa mosavuta ndipo chimalira, chonyowa chimamveka chozizira kapena chofunda modabwitsa. Ena amaika njere ndi mchere wouma m'botolo louma n'kukhutchumula. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume.

M'miyezi ya Disembala mpaka Febuluwale vuto limasintha. Chimanga chimakhala chouma koma chikhoza kukhala chofumbwa. Tapani cha pansi pa thumba, osati cha pamwamba chokha, muone ngati m'manja mukutsala ufa ndi njere zobooka. Chimanga chodyedwa ndi anankafumbwe chimadzaza ndowa chimodzimodzi koma chimapepuka, ndipo kuchigayo chimatuluka ufa wochepa. Chimenechi mukachigula pa ndowa mwaluza. Apa ndiye muli ndi chifukwa chenicheni chonenerera, ndipo wogulitsa amamva mukamuonetsa njerezo m'manja: "Achimwene, taonani nokha. Ichi sichingafanane mtengo ndi chija."

N'chifukwa chiyani amayi a tomato amakana kuchotsa ngakhale K200 pa mulu?

Tiwerengere limodzi ndalama zawo. Tiyerekeze kuti mayi wapikula dengu la tomato pa K30,000 kwa obwera naye kuchokera ku Lizulu kapena ku Jenda. Walipira K3,000 ya galimoto, K500 ya mnyamata wonyamula, ndi K1,000 ya matikiti a msika a masiku awiri pamodzi ndi zokulungira. Zonse pamodzi ndi K34,500. Dengulo likutuluka milu 45, koma tomato wa pansi waphwanyika ndipo wina aola asanagulidwe, ndiye milu yogulitsika ndi 40. Akagulitsa yonse pa K1,000 apeza K40,000. Phindu lake ndi K5,500 pa masiku awiri okhala padzuwa.

Gawani K34,500 ndi 40. Mulu uliwonse wamudyera pafupifupi K860 asanapeze kalikonse. Mukamuuza kuti akupatseni pa K800, simukudya phindu lake lokha, mukudya mpamba umene akaodere mawa. N'chifukwa chake amayankha kuti "Sindinapikule choncho." Nthawi zambiri amakhala akunena zoona.

Palinso china. Amayi okhala pamzere umodzi amagulitsa pa mtengo umodzi, ndipo amene watsitsa poyera amadana ndi anzake. Koma kuonjezera tomato mmodzi kapena awiri palibe amene amamuletsa. Choncho pa zinthu za pamulu musalimbane ndi mtengo. Sankhani mulu wabwino, gulani iwiri kapena itatu, kenaka nenani mwaulemu kuti, "Mayi, basera pang'ono." Iye amakupatsani tomato wakupsa kwambiri amene mawa sakanagulitsika, inu mukaphikira ndiwo za madzulo omwewo. Aliyense wapindula.

Ine zimandipweteka kuona munthu wotsika m'galimoto akulimbana ndi gogo wogulitsa chisoso ndi nkhwani pa K100, pamene m'sitolo yaikulu amalipira mtengo wolembedwa osatsegula pakamwa.

Dzulo usipa unali wambiri pa mulu, lero ndi wochepa pa mtengo womwewo. Akundibera?

Kawirikawiri ayi. Pamsika mtengo wa mulu umakonda kukhala pa ndalama yosavuta chenje, K500 kapena K1,000, ndiye zinthu zikakwera chimene chimachepa ndi mulu. Usipa umaphedwa usiku ndi nyali, ndipo umagwidwa bwino kukakhala mdima. Mwezi ukawala kwambiri usipa umasowa. Mphepo ya mwera ikamaomba panyanja, makamaka m'miyezi yozizira, asodzi ambiri salowa m'madzi. Masiku angapo pambuyo pake mumaziona pa mulu ku Limbe kapena ku Lilongwe.

Tomato nayenso ali ndi nyengo yake. Amadula m'dzinja, makamaka Januwale mpaka Malichi, chifukwa mvula imabweretsa matenda m'munda ndipo misewu ya kumadimba imavuta. Amatchipa m'chilimwe, madimba akamatulutsa onse nthawi imodzi. Musayerekeze mulu wa lero ndi wa mwezi wathawu. Uyerekezeni ndi milu ya anthu ena atatu pamsika womwewo lero lomwelo.

Ndiye mtengo woyenera ndingaudziwe bwanji ngati sindinapite kumsika kwa nthawi yaitali?

Mtengo wa m'mutu mwanu umakalamba msanga. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chodalira mafuta a galimoto, feteleza kapena katundu wa kunja chinasuntha. Munthu amene wabwera kuchokera ku Joni kapena ku Ulaya patapita zaka ziwiri amalakwitsa mbali ziwiri: mwina amakalipira ogulitsa kuti ndi akuba chifukwa akukumbukira mitengo yakale, mwina amalipira chilichonse chimene wauzidwa chifukwa akuwerengera m'marandi.

Mankhwala ake ndi kuzungulira kaye. Safunsa anadya phula. Funsani anthu atatu kapena anayi, ena a pakhomo la msika, ena a m'katikati, chifukwa a pakhomo ndi a m'mbali mwa msewu amakonda kukwezako. Imani pafupi ndi mayi wa m'dera lomwelo amene akugula, mumve ndalama imene akupereka, osati imene yatchulidwa poyamba. Ndipo pofunsa nenani poyera kuti, "Ndikungofunsa kaye, ndibweranso." Palibe amene amakwiya nazo.

Musaiwale kuwerengera ulendo. Mbatata ya kachewere ndi yotchipa pa Tsangano kapena pa Bembeke kuposa mumzinda, koma zimenezo zimapindulira amene akudutsa kale pamsewupo. Kukwera minibasi kupita ku msika wa kutali chifukwa cha mulu umodzi wotchipa n'kutaya ndalama.

Pa kaunjika ndiyambire pa zingati?

Apa wogulitsa amayembekezera kuti munenerera, ndipo mtengo woyamba amauika m'mwamba dala. Palibe lamulo lakuti muzidula pakati nthawi zonse. Zimatengera tsiku ndi chovalacho. Wogulitsa amagula belo yotseka osadziwa zonse zili m'katimo. Tsiku lotsegula belo, zovala zabwino zochepa zija, za nambala wani, ndi zimene ziyenera kubweza ndalama zambiri za beloyo, choncho pa zimenezo satsika kwambiri. Zotsala zimene zakhala sabata ziwiri amafuna zichoke kuti apeze ndalama yokaodera ina, ndipo pamenepo amatsika mosavuta.

Tiyerekeze kuti mwaona jekete pamsika wa Tsoka ku Lilongwe. Musanafunse mtengo, liyang'aneni bwino: zipi, m'khwapa, kolala, m'matumba. Sankhani mumtima ndalama imene simungapitirire, tinene K15,000. Kukambirana kumayenda chonchi:

"Achimwene, jeketeli ndi zingati?"

"K20,000, asisi. Ndi la belo ya dzulo limeneli."

"Ndi labwino ndithu, koma zipi ya thumba ili yafa, ndikalipiranso telala. Ndili ndi K11,000."

"Iii, asisi, mundiphetsa. Bweretsani 17."

"Ndionjezere pang'ono, 13."

"Womaliza 15."

"Tipangane 14, ndilipire pompano."

Onani zimene zachitika. Wogula wayambira pansi pa malire ake kuti akhale ndi poonjezera, wapereka chifukwa chooneka ndi maso, ndipo akukwera pang'onopang'ono. Sananyoze katunduyo. Kunena kuti "chinsanza chimenechi" kumaumitsa mtima wa wogulitsa, ndipo iye amadziwa kuti chikanakhala chinsanza simukanachigwira.

Chinthu chimodzi musachite: kutchula mtengo umene simukufuna kulipira. Mukanena 14 iye n'kuvomera, gulani. Kuchoka pamenepo ndi mwano, ndipo mawa mukadzabweranso adzakukumbukirani.

Kodi kuchoka ngati ndikupita kumathandizadi?

Kumathandiza ngati njira yodziwira zoona. Mukatsanzika mwaulemu n'kuyamba kuyenda, wogulitsa amene akadali ndi phindu pa mtengo wanu amakuitanani kuti, "Bwerani, tengani." Akakusiyani kuti muzipita, dziwani kuti mwatsika kupyola pamene iye angafike. Mukafunsa kwina n'kupeza kuti anali wolondola, musachite manyazi kubwerera.

Ndi nthawi iti yabwino yogula?

M'mawa kwambiri pamalo opikulira mumapeza zabwino ndiponso zotchipa, koma muyenera kugula zambiri, beseni kapena dengu. Mabanja awiri atatu akhoza kusonkherana n'kugawana. Madzulo zinthu zoonongeka msanga monga masamba, nsomba zaziwisi ndi tomato wakupsa zimatsika, koma zabwino zimakhala zitasankhidwa kale, ndipo nsomba muyenera kuiona m'maso ndi m'makha musanakopeke ndi mtengo. Kumapeto kwa mwezi, anthu akalandira, ndiponso masiku oyandikira Khirisimasi, ogulitsa nkhuku, mbuzi ndi zovala satsika chifukwa akudziwa kuti wina akubwera m'mbuyo mwanu.

Wogulitsa akuti ndionjezere "yotapira" ndikalipira pa foni. N'zoyenera?

Kutapa ndalama kwa ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba kumadula ndalama ina, ndipo pa malonda a phindu lochepa ngati tomato uja, ndalama imeneyo imatha kumeza phindu lonse. Choncho pempholo si lachilendo. Chofunika n'kunena kalipiridwe musanagwirizane mtengo, kuti yotapirayo ikhale m'kati mwa zokambirana, isadzatulukire pamapeto. Ngati mukulipira ndi ndalama ya m'manja, khalani ndi zing'onozing'ono. Kunenerera mulu mpaka K900 kenaka n'kutulutsa K5,000 m'mawa, wogulitsa asanapeze chenje, kumathera poti mutenge zinthu zina zimene simunazifune.

Nanga ine ndikakhala wogulitsa, venda wabwera pakhomo kudzagula mbewu zanga?

Masamu ndi omwe aja, kungoti tsopano ndowa yaikulu ndiyo mdani wanu. Venda amakonda kugula ndi ndowa yotanuka, yodzaza motumphuka, n'kukagulitsa pa sikelo kapena pa ndowa yaing'ono. Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu kwa alimi, ndipo imakhala pa kilogalamu. Imvereni pa wailesi kapena funsani alangizi, kenaka sinthani mtengo wa ndowa ukhale wa pa kilogalamu musanavomere.

Tinene kuti venda akupereka K12,000 pa ndowa ya chimanga ndipo akuti ndowayo ndi ya makilogalamu 15. Pamenepo ndiye kuti akugula pa K800 pa kilogalamu. Koma ngati ndowa yakeyo, mmene akudzazira, ikulemera 18, mtengo weniweni ndi K667. Pa ndowa 30 mwapereka makilogalamu 90 aulere, pafupifupi matumba awiri. Yezani mbewu zanu nokha iye asanafike, pa sikelo ya kalabu kapena ya mnansi imene mwaiyesa ndi chigubu cha madzi chija, ndipo lembani kulemera kwa thumba lililonse pathumba pomwepo. Akafika n'kupachika sikelo yake, thumba loyamba lomwelo likuuzani ngati masikelo awiriwo akugwirizana. Akasiyana ndi makilogalamu awiri kapena atatu, imitsani malondawo, mubweretse chigubu cha madzi, muyese masikelo onse awiri pamaso pa aliyense musanapachike thumba lachiwiri.